Kanema wopingasa pa foni yoimirira: mungamudule bwanji popanda kudula munthu?

Ojambula maukwati, zinkhoswe, misonkhano ndi mapemphero amajambula mopingasa, chifukwa kanemayo amakaonetsedwa pa wailesi yakanema kapena pa kompyuta. Koma mwambo ukangotha, eni ake amafunanso kaduka koika pa WhatsApp Status, TikTok, Facebook Reels kapena YouTube Shorts, kumene foni imagwiridwa choimirira. Apa ndi pamene mkwati amatsala ndi phewa limodzi, kapena mlaliki amamveka mawu okha iye atatuluka m'chithunzi. Mafunso otsatirawa ndi a ntchito yodula kanema wotereyu.

Kodi timataya gawo lalikulu bwanji la chithunzi?

Lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Kanema wopingasa wa masiku ano ali ndi muyeso wa 16:9, ndipo kawirikawiri amakhala wa mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 m'mwamba. Woimirira ndi wa 9:16. Mukasunga msinkhu wonse wa 1080, m'lifupi mwa chidutswa choimirira mumakhala 1080 kuchulukitsa ndi 9 kenako kugawa ndi 16, ndipo yankho lake ndi 607.5. Timati 608, popeza mtundu wa kanema umene mafoni amagwiritsa ntchito umafuna nambala yogawika pawiri.

Choncho pa mapikiselo 1920 mumatsala ndi 608 okha, omwe sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu. Magawo awiri enawo amapita. Ndi bwino kuiona ntchitoyi motere: muli ndi zenera lopapatiza limene mungalikankhire kumanzere kapena kumanja pamwamba pa chithunzi chachikulu, ndipo woonera adzaona zokhazo zili m'zeneramo. Ntchito yonse ndi yosankha pamene zeneralo liime pa sekondi iliyonse.

Bwanji osangodula pakati basi?

Chifukwa wojambula wodziwa ntchito saika munthu pakati kawirikawiri. Amamuika chakumbali n'kusiya mpata kutsogolo kwa nkhope yake. Zenera la pakati limayambira pa pikiselo 656 n'kuthera pa 1264. Tiyerekeze kuti nkhope ya munthu ili pa 640, pamene ojambula ambiri amakonda kuika munthu. Zenera la pakati limudula pankhope penipeni, ndipo mutsala ndi tsaya limodzi ndi khoma.

Kudula pakati kumatheka pokhapokha ngati munthu waima pakati ndipo sakusuntha, monga wowerenga chilengezo kutsogolo kwa kamera yoima pa miyendo yake. Kwina konse muyenera kulisuntha nokha zeneralo.

Ndiyambire pati ndisanakhudze batani lililonse?

Onerani kadukako kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kudzifunsa kuti nkhani ili pati pa mphindi iliyonse. Ambiri amaganiza kuti nkhani ndi nkhope. Nthawi zina ndi nkhope, koma nthawi zambiri ndi nkhope pamodzi ndi chimene manja akuchita. Mayi woponya ndalama pa perekaniperekani, mukam'sunga nkhope n'kudula dzanja ndi mbale, mwasunga munthu koma mwataya chimene chinachitika. Woimba gitala amafuna gitalayo. Wosonyeza mmene amamezanitsira mango amafuna mpeni ndi nthambi kuposa maso ake.

Mukatero, yesani m'lifupi mwa chinthucho. Ngati munthu ndi zimene akuchita zikukwana m'gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi, mungathe kudzaza foni yonse. Ngati sizikukwana, musakakamize, pali njira ina imene tiikamba kutsogoloku. Ine ndimaona kuti makanema ambiri oonongeka amaonongekera pa chisankho ichi, osati pa kusadziwa pulogalamu.

Nanga pa foni ndichite bwanji, mwachitsanzo mu CapCut?

Lowetsani kanemayo, kenako sinthani muyeso wa ntchito yonse kukhala 9:16. Kanema aoneka ngati kalamba kakang'ono pakati, pamwamba ndi pansi pali mdima. Mukulitseni ndi zala ziwiri mpaka adzaze msinkhu wonse, ndipo lekerani pomwepo, musapitirire. Tsopano mungamukokere kumanzere kapena kumanja ndi chala chimodzi.

Pewani kuyamba ndi chida chotchedwa Crop. Chidacho chimadula malo amodzi n'kubisa zotsala, pamene inu mukufuna kuti mbali zonse zikhalepobe kunja kwa zenera, muzizikokera m'kati zikafunika. Pa kompyuta ndi chimodzimodzi. Mu Premiere Pro mumapanga ntchito ya 1080 m'lifupi ndi 1920 m'mwamba, n'kuika Scale pa 178 ngati kanema ndi wa 1080, ndipo mumamusuntha ndi Position.

Chimodzi chimasokoneza oyamba kumene. M'mapulogalamuwa simusuntha zenera, mumasuntha kanema amene ali kuseri kwake. Kuti muone zimene zili kumanja, mumakokera kanema kumanzere.

Munthu akamayenda, ndimutsatira bwanji?

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo ndi bwino tione chitsanzo chimodzi mwatsatanetsatane.

Tili ndi kaduka ka masekondi 20 ka pa ukwati, ka 1920 ndi 1080, kojambulidwa ndi kamera yosasuntha. Mayi wina akuvina kumanzere kwa chithunzi, thupi lake lili pa pikiselo 500 kuwerenga kuchokera kumanzere. Akuvina pamalo omwewo mpaka sekondi 6. Kenako akuyamba kuyenda chovina kupita kumanja, ndipo pa sekondi 14 akufika pa 1300, pamene pali mbale ya ndalama kutsogolo kwake. Masekondi otsalawo akuponya ndalama.

Zenera lathu ndi la 608, theka lake ndi 304. Kuti mayiyo akhale pakati penipeni poyamba, mbali ya kumanzere ya zenera ikanakhala pa 500 kuchotsa 304, ndiye 196. Koma mayiyo wayang'ana kumanja ndipo ndi komwe akupita, choncho timupatsa mpata kutsogolo. Tilikankha zenera pang'ono kuti liyambire pa 260. Iye akhala chakumanzere pang'ono, kutsogolo kwake kuli malo. Akafika pa 1300, zenera liyambire pa 1060 n'kuthera pa 1668, ndipo mbale ilowamo. Ndiye kuti zenera liyenda mapikiselo 800 pa masekondi 8, omwe ndi 100 pa sekondi.

Kuti pulogalamu idziwe zimenezi, timaika zizindikiro zimene pa sikirini zimatchedwa Keyframe. Mu CapCut ndi kabatani kooneka ngati dayamondi ya pa makhadi. Kiyifulemu imauza pulogalamu kuti pa sekondi iyi kanema akhale apa, ndipo pakati pa makiyifulemu awiri pulogalamu imayendetsa chithunzi yokha.

Cholakwa chofala ndi kuika awiri okha, imodzi poyamba ndi ina pomaliza. Mukatero zenera limayamba kuyenda kuyambira sekondi yoyamba, pamene mayi akadavinabe pamalo amodzi. Pofika sekondi 6 m'mphepete mwa zenera mwamudula pakati, ndipo woonera akuona mipando. Mumafunika kiyifulemu ina pa sekondi 6, yokhala ndi malo omwewo a poyamba, kuti zenera lidikire. Ina ikhale pa sekondi 14 pamene mayi waima. Kuchokera apo osasunthanso.

Amene amagwiritsa ntchito FFmpeg pa kompyuta angalembe zomwezi mu mzere umodzi:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "crop=608:1080:'260+100*clip(t-6,0,8)':0,scale=1080:1920,setsar=1" -c:a copy woimirira.mp4
```

Manambala awiri oyamba ndi kukula kwa zenera. Gawo lili m'mitengero ing'onoing'ono likunena kuti zenera liime pa 260 mpaka sekondi 6, liyende mapikiselo 100 pa sekondi kwa masekondi 8, kenako liime. Poyambira zenera pasapitirire 1312, chifukwa pamenepo zenera lafika kumapeto kwa chithunzi. Mu lamuloli zenera limanyamuka ndi kuima mwadzidzidzi. M'mapulogalamu okhala ndi makiyifulemu mungafewetse ponyamukira ndi poimira kuti kuyendako kuoneke ngati kwa dzanja la munthu, ndipo ndi bwino kutero.

Kodi nditsatire kusuntha kulikonse kwa munthuyo?

Ayi. Wovina amagwedezeka uku ndi uku, mlaliki amawerama n'kuweramuka. Mukatsatira zonsezi, khoma ndi anthu a kumbuyo amayamba kugwedezeka, ndipo woonera amachita chizungulire. Lolani munthu aziyendayenda m'kati mwa zenera loima. Lisunthe pokhapokha phewa kapena dzanja lake likayandikira m'mphepete. Pa kaduka ka mayi uja makiyifulemu atatu akwana, ndipo wina akanaika khumi kanemayo akanaipa.

Palinso chifukwa china chochepetsera kusuntha. Kudula kumakulitsa chilichonse, ngakhale kunjenjemera kwa dzanja la wojambula. Kugwedezeka kumene sikunkaoneka pa kanema wopingasa kumaonekera bwino pa woimirira, ndipo munthu amene ankatenga masekondi 6 kudutsa chithunzi chonse amadutsa zenera pa masekondi awiri. Ngati kanema ndi wogwedera, yambani mwamukhazika ndi chida chochepetsa kugwedera, kenako muike makiyifulemu. Mukachita mosemphana, malo onse amene munayeza asintha, chifukwa chidacho chimadulanso m'mphepete.

Nanga anthu akakhala awiri, wina uku wina uko?

Tiyerekeze ankhoswe awiri akulankhulana, wina kumanzere wina kumanja, pakati pali tebulo. Zenera silingawatenge onse. Kuliyendetsa kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo nthawi iliyonse wina akatsegula pakamwa kumatopetsa maso, ndipo nthawi zambiri zenera limafika wolankhula atamaliza kale.

Njira yabwino ndi kudumpha. Dulani kanema ndi Split pamene wolankhula akusintha, ndipo chidutswa chilichonse chikhale ndi zenera lakelake loima. Woonera amaona ngati panali makamera awiri. Dumphani pang'ono chabe wina asanayambe kulankhula, kuti mawu oyamba amupeze ali kale pa sikirini. Musadumphire kuyankha kwakufupi kulikonse. Wina akangoti "eya" kapena "zoona", khalani pa wolankhulayo, mawu a mnzakeyo amveka.

Ngati nkhope zonse ziwiri zikufunika nthawi imodzi, monga wina akunena nkhani ndipo mnzake akuseka, asanjikizeni. Ikani kanema yemweyo kawiri, wina pamwamba wina pansi, aliyense atenge theka la foni, lomwe ndi 1080 m'lifupi ndi 960 m'mwamba. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina: theka lililonse limachokera pa chidutswa chachikulu cha chithunzi, choncho silikulitsidwa kwambiri ndipo limaoneka bwino.

Bwanji ngati ndi kwaya, gulu la ovina kapena mpira?

Apa vomerezani kuti foni sidzadzaza. Kwaya ya anthu makumi awiri siingalowe m'mapikiselo 608, ndipo mukasankha anthu atatu a pakati, mwasandutsa kwaya kukhala kagulu.

Pali miyeso ya pakatikati. Mukadula chithunzi chofanana mbali zonse, cha 1080 ndi 1080, mumasunga kupitirira theka la m'lifupi, ndipo chimalowa mu kanema woimirira popanda kukulitsidwa ngakhale pang'ono. Muyeso wa 4:5 umasunga mapikiselo 864 ndipo umadzaza foni mokulirapo. Malo otsala pamwamba ndi pansi mungawadzaze ndi kanema yemweyo atachititsidwa chimbuuzi, zimene mapulogalamu amazitcha Blur, kapena ndi mtundu umodzi wosasokoneza maso, n'kulembapo mutu wa nkhani. Kuika kanema yense wopingasa osadula kalikonse kumathekanso, koma amakhala kalamba ka mapikiselo 608 m'mwamba, ndipo nkhope zimachepa kwambiri.

Ine ndimakonda kusakaniza. Yambani ndi chithunzi chotakata kuti woonera adziwe kuti pali gulu, kenako dumphirani pa wotsogolera nyimbo atadzaza foni, n'kubwereranso pa gulu pamene onse akuyankha. Pa mpira, zenera lopapatiza limataya wosewera amene akupatsiridwa mpirawo, ndipo chigoli chimaoneka ngati changochitika chokha. Pamenepo chithunzi chofanana mbali zonse n'chabwino kuposa chodzaza foni.

N'chifukwa chiyani kanema wanga amaoneka wosawala bwino ndikamudula?

Chifukwa mapikiselo 608 akutambasulidwa kuti akwane 1080. Uku ndi kukulitsa pafupifupi ka 1.8, ndipo palibe chatsopano chimene chawonjezeka m'chithunzi. Kanema wa 1080 wojambulidwa powala amapirira kukulitsa kumeneku. Wojambulidwa mu holo ya mdima amaonetsa timadontho tonse. Wa 720 ndi wovuta kwambiri, popeza chidutswa chake ndi cha 405 m'lifupi ndipo chimakulitsidwa pafupifupi ka 2.7. Wa 4K, amene ndi 3840 ndi 2160, alibe vutoli: chidutswa chake ndi cha 1215 ndi 2160, chomwe n'chachikulu kuposa chofunikacho, ndipo mumatsalanso ndi mpata woyandikira pang'ono.

Pali zinthu ziwiri zimene zili m'manja mwanu. Choyamba, musayandikire kupitirira pamene kanema wadzaza msinkhu. Kuyandikira kulikonse kumawonjezera kutambasula kuja, komanso kumapapatiza zenera. Chachiwiri, gwiritsani ntchito fayilo yeniyeni yochokera mu kamera. Kanema amene wadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse amakhala atafinyidwa kale, ndipo mukamudula n'kumukulitsa, zipsera za kufinyako zimakula nazo. Pemphani wojambula akupatseni pa memole khadi kapena pa fulashi, kapena atumize ngati Document, njira imene imasiya fayilo mmene ilili.

Mapulogalamu ena amadula okha. Ndingawakhulupirire?

Premiere Pro ndi CapCut ali ndi Auto Reframe, Final Cut Pro ili ndi Smart Conform, ndipo DaVinci Resolve Studio, yomwe ndi yogula, ili ndi Smart Reframe. Pa munthu mmodzi woonekera bwino zidazi zimathandiza ndithu ndipo zimapulumutsa nthawi. Koma zimayang'ana nkhope ndi kusuntha, sizidziwa mwambo. Pa ukwati, chida chingasiye mkwatibwi amene wakhala phee n'kutsatira woyendetsa mwambo amene akudumphadumpha, kapena mwana wodutsa pafupi ndi kamera. Munthu akatembenuka n'kupereka msana, kapena wina akam'phimba kwa kanthawi, zenera lingathe kuthawira kwina. Nthawi zina limanjenjemera pang'onopang'ono potsatira mutu.

Zigwiritseni ntchito ngati poyambira, kenako onerani zimene zatuluka. Mu Premiere Pro chidachi chimasiya makiyifulemu amene mungafufute ndi kukonza. Mukaona zenera likusuntha pamene palibe chifukwa, fufutani a pamenepo.

Munthu ali m'zenera, koma ndikaika pa TikTok waphimbika. Chalakwika n'chiyani?

Sikirini yonse si yanu. TikTok, Reels ndi Shorts amaika mabatani awo motsetsereka kumanja, ndipo pansi amalembapo dzina lanu, mawu ofotokoza ndi dzina la nyimbo. Pamwamba palinso zolemba zina. Kuwonjezera apo, mafoni ambiri a masiku ano ndi aatali kuposa 9:16, ndipo pa mafoni otere kanema angathe kudulidwa pang'ono m'mbali kuti adzaze sikirini. Dzanja limene linali m'mphepete penipeni limazimiririka.

Choncho siyani kampata mbali zonse ziwiri, makamaka kumanja chakumunsi. Pa chitsanzo cha mayi uja, mbale ili kumanja ndiponso chapansi, malo enieni a mabatani. Ngati yaphimbika, kankhirani zenera lomaliza kumanja pang'ono, kuchoka pa 1060 kufika pa 1120, kuti mbale ibwere chapakati. Mayiyo atsala chakumanzere koma akadali m'kati, ndipo kumanzereko kulibe mabatani.

Kumbukiraninso kuti zenera lodzaza msinkhu silingakwere kapena kutsika, chifukwa pamwamba ndi pansi palibe chotsala. Ngati wojambula anaika mutu wa munthu pafupi ndi denga la chithunzi, mutuwo ukhala pomwepo, pansi pa zolemba za pamwamba. Chimene mungachite ndi kuchepetsa kanemayo pang'ono, kumutsitsa, n'kudzaza malo otsala pamwamba ndi chimbuuzi.

Nanga mayina ndi zolemba zimene zili kale pa kanema?

Zidulidwa. Dzina lolembedwa pansi kumanzere litsala zilembo zochepa, ndipo chizindikiro cha wojambula chimene chili pakona chisowa. Njira yoyera ndi kubwerera ku kanema amene sanalembedwepo kanthu n'kulemba mwatsopano, mizere ifupiifupi, chapakati pa sikirini koma osati pankhope. Ngati mulibe, phimbani zotsalazo ndi kabokosi ka mtundu umodzi n'kulemba pamwamba pake. Ngati wojambula ndi wina, bwezerani dzina lake.

Nditumize ndi miyeso yanji, ndipo ndidziwa bwanji kuti zatheka?

Sankhani 1080 ndi 1920, mtundu wa MP4, ndipo liwiro la zithunzi pa sekondi likhale lomwe kanema anabwera nalo. Ngati anali wa 25, musamusinthe kukhala wa 30, chifukwa kuyenda kwa zenera kumayamba kudukiza.

Muonereni pa foni, osati pa kompyuta pokha, ndipo koyamba muzimitse mawu. Popanda mawu maso amaona msanga pamene dzanja latuluka, pamene zenera lachedwa, ndi pamene lasuntha popanda chifukwa. Imitsani kanema pa malo atatu ovuta: pamene munthu akuyamba kuyenda, pamene akuima, ndi pamene watambasula mkono kwambiri. Kenako mulowetseni m'pulogalamu imene mukufuna kuikamo, musankhe kuti aoneke kwa inu nokha, muone pamene mabatani agwera.

Ulendo wina ndijambule bwanji kuti kudula kusavute?

Ngati mukudziwa kuti kanema adzafunika mbali zonse ziwiri, jambulani mu 4K kamera ikalola, ndipo bwererani m'mbuyo pang'ono kuti munthu ndi manja ake akwane m'gawo limodzi mwa magawo atatu. Siyani mpata pamwamba pa mutu wokulirapo kuposa wa masiku onse. Yatsani mizere yogawa sikirini patatu: gawo lililonse ndi la mapikiselo 640 pa kanema wa 1920, lokulirapo pang'ono chabe kuposa zenera la 608, choncho chimene chakwana pakati pa mizere iwiri n'kutsala kampata chidzakwananso pa foni. Pa nthawi zikuluzikulu, monga kuvekana mphete kapena kudula keke, pemphani awiriwo ayandikane, ndipo ngati pali mnzanu wokuthandizani, ajambulenso mphindi zimenezo ndi foni yoimirira.